Chidziwitso chotuluka m'nyumba ndi pempho la ndalama ya chikole

Ulongwé, Angónia
24 Novembala 2025

Kwa Bambo Phiri, eni nyumba,

Ndakupatsani moni, Bambo, pamodzi ndi Mayi ndi onse pakhomo. Ife kuno tadzuka bwino.

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti kontirato ya nyumba yanu imene ndikukhalamo, ya zipinda zogona ziwiri kumbuyo kwa golosale yanu, ikatha pa 31 Januwale 2026 sindidzaiwonjezeranso. Tinasainirana pa 1 Febuluwale 2023 ndipo takhala tikuiwonjezera chaka ndi chaka. Ndime yachisanu imati wofuna kusiya adziwitse mnzake molemba kutatsala masiku 60. Kuyambira lero mpaka tsiku limenelo pali masiku 68, choncho ndili m'kati mwa nthawi imene tinagwirizana.

Sindikutuluka chifukwa cha mkangano, ndipo ndikufuna mumve zimenezi kuchokera kwa ine ndemwe, osati kwa anthu a pamsika. Kuntchito andisamutsira ku Moatize, ndipo ndiyenera kukafika chaka cha sukulu chisanayambe kuti ndikalembetse ana komanso kulandira makalasi anga. Zikanakhala za kufuna kwanga, sindikanasiya mphepo yozizira ya ku Angónia ndi mbatatesi zotchipa za pano n'kupita kokapsa ndi dzuwa la kumunsi kuja. Zaka zitatu izi mwatisunga bwino. Sindidzaiwala usiku uja wa mu Juni 2024 pamene mwana wanga wamng'ono anatentha thupi, inu n'kudzuka pakati pa chisanu kutitengera kuchipatala pa njinga yamoto yanu, osalola ngakhale kuti ndikuthirireni mafuta.

Tsopano nkhani ya ndalama. Tsiku limene ndinalowa ndinakupatsani 8,000 metikali ya chikole, imene pa kontirato inalembedwa kuti kausau, yofanana ndi renda ya miyezi iwiri pa mtengo wa nthawiyo wa 4,000 pamwezi. Munandilembera risiti ndi dzanja lanu, a sekeretale a bairu yathu ali pomwepo monga mboni, ndipo ndamata kope lake ku kalatayi. Ndime yachisanu ndi chiwiri imati ndalamayi ndi yongosungitsa, ndipo imabwerera kwa wochita renda pa tsiku lopereka makiyi, kupatula ngati pali ngongole kapena chinthu chimene iye wawononga. Ndikupempha kuti mundibwezere yonse pa 31 Januwale pomwepo.

Ngongole ndilibe. Renda ndalipira mpaka Novembala, kuphatikizapo pamene inakwera kufika 4,500 mu Febuluwale chaka chino, ndipo mauthenga onse a M-Pesa ndinawasunga. Ya Disembala ndi ya Januwale ndidzalipira pa 5 monga mwa nthawi zonse. Ena amati mwezi womaliza ungodya chikole, koma ine sindikufuna kusakaniza ziwirizi, kuti pasadzakhale kusokonekera pa masamu. Magetsi ndi a Credelec, ogula usanagwiritse ntchito, ndiye mita siingatsale ndi ngongole, ndipo mayunitsi otsalamo ndidzangowasiyira wodzalowayo. Madzi a pampopi wa pabwalo ndimapereka gawo langa kwa Mayi mwezi uliwonse, ndipo la Januwale ndidzaperekeratu bilu isanabwere.

Za mmene nyumba ilili, ndinene ndekha zimene zili zanga musanazipeze. Galasi limodzi la windo la pabalaza linasweka ndi mpira wa ana anga. Ndagula kale lina, mmisiri adzaliika sabata ya mawa. Khoma la kukhitchini lada ndi utsi wa mbaula, makamaka pakona pamene ndimaphikira mvula ikamagwa, ndipo ndidzalipaka laimu ndi ndalama zanga ndisanatuluke. Loko wa chitseko cha kumbuyo ndinasintha chaka chatha, wakale uja atayamba kukana kiyi. Watsopanoyo ndi wanu, sindidzamuchotsa.

Koma pali chimodzi chimene ndikupempha kuti chisawerengedwe kwa ine, ndicho banga lakuda la pasiling'i ndi pakhoma la kuchipinda cha ana. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2024 denga linayamba kudontha pamalo amenewo. Tinkagona titatchera mabeseni awiri ndi ndowa, matiresi titaimika kukhoma, ndipo inu munabwera m'mawa n'kuponda nokha m'madzi pansi. Munati panthawiyo ndalama zonse zapita ku feteleza, ndiye ndiyambe ndakonza ndekha, tidzachotsera pa renda. Ndinagula malata awiri ndi misomali, n'kulipira kalipentala, zonse pamodzi 1,350 metikali. Denga linasiya kudontha, koma banga linatsala, chifukwa madzi anali atalowa kale m'pulasitala. Ndalama ijanso sitinachotsere. Mwezi wotsatira ndinalipira renda yonse, ndipo kunena zoona ndinachita manyazi kukukumbutsani, poona kuti inali nthawi ya maliro a achimwene anu. Malisiti a kuhadiweya ndili nawo, ndipo kalipentala uja akadali pano pa Ulongwé ngati mungafune kumufunsa. Choncho zonse zimene ndikupempha ndi 9,350 metikali: 8,000 ya chikole ndi 1,350 ya denga.

Ndalemba msanga chonchi podziwa kuti Januwale ndi mwezi wovuta kwa aliyense kuno. Chimanga chimakhala chili m'munda, m'nkhokwe mwapepuka, ana akufuna mayunifolomu ndi makope. N'chifukwa chake ndati mudziwe pakadali miyezi iwiri, kuti muyambe kuika padera pang'onopang'ono. Kwa ine ndalamayi ili kale ndi ntchito. Ku Moatize nyumba ndi zodula chifukwa cha anthu a kumigodi ya malasha, ndipo mwini nyumba imene ndapeza akufuna chikole chake ndisanalowetse ngakhale mpando. Palinso galimoto yonyamula katundu kudzera pa Mussacama, nthawi ya mvula. Ndikachoka pano manja ali lende, ndikafikira panja ndi ana awiri.

Ndikupempha kuti Loweruka pa 24 Januwale, cha m'ma 9 koloko m'mawa, tidzayendere nyumbayi limodzi chipinda ndi chipinda, a sekeretale a bairu alipo, titanyamula pepala lija tinalembapo za m'nyumba tsiku lolowa. Mukadzapeza china chimene mukuona kuti ndi ine ndawononga, tidzachilembe pomwepo ndi mtengo wake, ndipo ndidzakhala ndi sabata yathunthu yochikonza kapena kuvomera kuti chichotsedwe pa chikole. Chimene sindingafune n'chakuti ndidzamve za kuwonongeka kwina pa foni ndili kale ku Moatize, nyumba italowedwa ndi munthu wina. Makiyi onse asanu, atatu a kumaso ndi awiri a kumbuyo, ndidzapereka m'manja mwanu pa 31, ndipo tidzasainirana kuti palibe wotsala ndi ngongole kwa mnzake. Ndalamayo mukhoza kundipatsa pamanja kapena kutumiza pa nambala yomwe ija ndimalipirira renda.

Ofuna kuona nyumba mukhoza kubwera nawo Loweruka lililonse masana, bola mundiuze dzulo lake kuti ndikhalepo.

Kalatayi ndalemba ziwiri zofanana. Chonde sainani pansi pa zonse ziwiri ndi kulemba tsiku limene mwalandira, ina musunge, ina mundibwezere. Ngati pali pamene simukugwirizana napo, makamaka pa nkhani ya denga, ndiuzeni isanafike 15 Disembala kuti tikhale pansi nthawi ikadalipo.

Ndine wanu,

Mayi Nabanda
Wokhala m'nyumba ya kumbuyo kwa golosale