Matumba 60 a mpunga pa lole yanu yobwerera ku Limbe

Bambo,

Lole yanu ya matani 3 imatsitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'magolosale a m'tauni ya Zomba Lachiwiri ndi Lachisanu, kenako imabwerera ku Limbe yopanda kanthu. Ife tili ndi matumba 60 a mpunga wopuntha, a makilogalamu 50 lililonse, oti apite ku Limbe Lachisanu lililonse. Tikulipirani K2,500 pa thumba, kutanthauza K150,000 pa ulendo umene dizilo wake mumamugula kale. Pa milungu inayi ndi K600,000.

Simundidziwa. Ndine mlembi wa gulu la alimi 42 amene timalima mpunga ku sikimu ya Likangala, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Adiresi ya imeloyi ndinaikopera pachitseko cha lole yanu tsiku lina itaima pafupi ndi msika waukulu, anyamata akutsitsa mabelo a shuga. Ndinaiwerengera milungu isanu, ndipo nthawi zonse imanyamuka cha m'ma 1 koloko masana, kumbuyo kuli lona wopinda ndi zingwe basi.

Funso loyamba la mwini galimoto aliyense akamva za mpunga wa ku Chilwa limakhala la msewu, choncho ndiyambe ndi limenelo. Lole yanu sidzapita kumunda. Msewu wotsikira ku sikimu timaudziwa tokha mmene umakhalira mvula ikagwa, ndipo sitingapemphe munthu kuti akathyole masipuling'i kumeneko. Mpunga timautulutsa tokha pa ngolo ndi pa kagalimoto kakang'ono, n'kukaupuntha ku chigayo, n'kuusunga m'nyumba imene timachita lendi ku Matawale, pafupi ndi phula. Dalaivala wanu akamaliza kutsitsa m'tauni azingokhotera kumeneko. Okweza ndi anyamata athu anayi, owalipira ndife, ndipo matumba 60 amawakweza m'mphindi zosaposa 40. Kuchoka apo ndi M3 yomweyo imene amayenda kale, kudutsa pa Thondwe, Namadzi ndi Njuli. Kotsitsa ndi kuwiri kokha, konse mu Limbe momwemo, ndipo otsitsa ndi a ogulawo.

Matumba 60 a makilogalamu 50 ndi matani 3 ndendende. Sitidzakupemphani kuti muonjezere "kathumba kamodzi ka achemwali" pamwamba pake. Thumba lililonse limakwera pa sikelo dalaivala akuona, amasaina m'buku lathu, ifenso timasaina m'lake.

Za malipiro, theka tizitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba lole isananyamuke ku Matawale, theka linalo tsiku lomwelo ogula akawerenga matumba. Ndalamazo zizipita pa nambala yanu, osati m'thumba la dalaivala, kupatula ngati inuyo mutanena zina. Tikalephera kukonza katundu popanda kukuuzani pofika Lachinayi masana, tidzalipira theka la ulendowo ngakhale lole ipite yopanda kanthu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji tikusaka munthu mmodzi pamene magalimoto a hayala ali mbwee m'tauni. Takhala tikuwagwiritsa ntchito, ndipo amatilipiritsa ulendo wopita ndi wobwerera womwe chifukwa kobwerera alibe chonyamula. Chinanso n'choti lero wabwera uyu, mawa wina. Chaka chatha mu Disembala tinapatsa katundu munthu wina amene anati lona ali naye. Analidi naye, koma wobooka ngati sefa. Mvula inawapeza asanafike pa Namadzi, ndipo matumba 11 anafika ku Limbe atanyowa. Mpunga wopuntha ukanyowa umachita chikasu, umanunkha chuku, ndipo wogula safuna n'kuuyang'ana komwe. Tinaugulitsa motaya kwa oweta nkhumba, foni ya mwini galimotoyo n'kuzima. Ndiye chinthu chimodzi chimene sitinganyengerere ndi lona wabwino, womangidwa bwino. Wanu ndinamuona atamuyala pansi tsiku lina. Ali ndi chigamba chimodzi pakona, koma chosokedwa mwaluso.

Ndikuuzeninso pamene ife tili ofooka, musadzati ndinakubisirani. Mpunga wa dzinja timakolola mu Meyi ndi Juni, wa mthirira chakumapeto kwa chaka. Kuyambira Juni mpaka Disembala matumba 60 pa sabata sativuta. Kuyambira Januwale mpaka Epulo amatsika, nthawi zina kufika 25 kapena 30, chifukwa alimi amasungako wodya, enanso amakhala atagulitsa kale kuti apeze fetereza ndi fizi ya ana. Komanso ulimi wa kuno umayendera madzi a mu Likangala. Chaka chimene mvula yavuta, ngati pamene Chilwa inaphwa mu 2018, mpunga wa mthirira umachepa kwambiri, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatikwirira minda ndi mchenga. Zoterezi sitingazilonjeze. Chimene tingalonjeze n'choti pofika tsiku loyamba la mwezi muzidziwa chiwerengero cha matumba a mwezi wonsewo. M'miyezi yochepa katundu timadzazira ndi madeya a mpunga amene oweta nkhuku a ku Blantyre amatifunsa kawirikawiri, koma mtengo wake pa thumba ndi wina, tingakambirane.

Pali nkhani yachiwiri, yomwe si ya lero, koma ndiitchule. Inu muli ndi shopu ya pikulitsa ndiponso eni magolosale amene amakudalirani. Ife tili ndi mpunga wa Faya wonunkhira, wopetedwa, wopanda miyala, misere yake yochotsedwa payokha. Pakali pano timagulitsa m'matumba akuluakulu kwa anthu amene amakaupakira m'mapaketi a makilogalamu 2 ndi 5, phindu lenileni n'kukhala lawo. Tikufuna kudzayamba kupakira tokha, ndipo tikudziwa kuti pafunika chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, chimene tilibe panopa. Tikadzachipeza tidzafuna munthu wodziwa kuika katundu pa shelefu, ndipo tingakonde kuti akhale munthu amene tayenda naye kale pamsewu, tinaonana mmene timasungira mawu.

Sindikupempha kuti musaine pangano la chaka. Tiyese maulendo anayi okha, Lachisanu lililonse la mwezi wa Julayi. Mukaona kuti tikuchedwetsa dalaivala kapena ndalama zikubwera mokoka, mudzatisiya popanda mlandu. Zikayenda bwino tidzalemba pangano la miyezi 6, ndipo tidzaikamo mfundo yoti mtengo wa pa thumba uzisintha boma likasintha mtengo wa dizilo, kaya wakwera kaya watsika.

Lachisanu likubwerali ndidzakhala ku Matawale kuyambira 10 koloko m'mawa, pamodzi ndi wapampando wathu. Ngati mudzakhale pa lole, kapena mungatume amene mumamukhulupirira, tidzangofuna mphindi 20 kuti aone nyumbayo, sikelo ndi pokhotera galimoto. Ndidzakonzanso kathumba ka makilogalamu 5 kuti amayi kunyumba akaphike, aweruze okha. Mukayankha imelo yomweyi ndi mawu oti "Lachisanu" kapena tsiku lina lokukomerani, ndidzakutumizirani malangizo a njira ndi nambala yanga ya foni. Ngati lole ili kale ndi pangano lina pobwerera, ndiuzeni mwachidule, sindidzakuvutitsaninso.

Zikomo kwambiri, Bambo.

Ine,
Mlembi wa gulu la alimi a mpunga,
Matawale, Zomba