Chifukwa chake timaika dayodi pa koyilo ya rilei ndi pa mota yaing'ono

Kwa amisiri ndi ophunzira ntchito ya magetsi kuno ku Kasungu, makamaka inu amene mumalumikiza mapampu a sola a kudimba, makina oswetsera mazira ndi tizipangizo todzazira madzi m'thanki.

Bolodi yoyendetsa pampu ya 12 V ikafa patangotha masabata ochepa, nthawi zambiri chimene chapsa ndi tiranzisita imene imayatsa rilei. Mmisiri akaika ina, pampu imagwira bwino, koma posakhalitsa imapsanso. Ambiri amati batire ndi yoipa, kapena sola ikupereka moto wambiri dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala. Musanafike kumeneko, yang'anani pa miyendo iwiri ya koyilo ya rileiyo. Ngati palibe dayodi, vuto lili pomwepo. Dayodi imeneyi amaitcha ya fulaibaki, ndipo ndi kachipangizo kotchipa kwambiri pa bolodi yonse.

M'kati mwa rilei muli waya woonda wokulungidwa kambirimbiri pa kachitsulo. Magetsi akamadutsa mu wayayo, kachitsuloko kamasanduka maginito n'kukoka kalilime kamene kamalumikiza pampu. Maginitowo ndi mphamvu yosungidwa. Ndiye koyilo iliyonse ili ndi khalidwe ili: imakana kuti magetsi oyenda m'kati mwake asinthe mwadzidzidzi. Poyatsa, kukanaku sikuvuta, magetsi amangokwera pang'onopang'ono. Ngozi ili pozimitsa. Tiranzisita imatseka njira m'kanthawi kochepa kwambiri, maginito amagwa, ndipo koyiloyo imadzipangira mavoliti akeake pofuna kukankha magetsi kuti apitirire kuyenda mbali imene amayenda kale. Zili ngati mutatseka mpopi mwadzidzidzi madzi akuthamanga mu paipi yaitali: paipi imagunda kuti gu! chifukwa madzi asowa kolowera.

Kukula kwa mavolitiwo kumawerengedwa chonchi:

```
V = L × (ΔI / Δt)
```

L ndi mphamvu ya koyilo yosunga maginito, ΔI ndi kusintha kwa magetsi oyenda, Δt ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Titenge rilei yaing'ono yabuluu ya 12 V, monga SRD-12VDC-SL-C. Koyilo yake ndi ya 400 Ω kapena kuyandikira pamenepo, choncho imakoka 30 mA. Tiyerekeze kuti L ndi 0.2 H ndipo tiranzisita yatseka mu 1 µs. Masamu akupereka 6,000 V. Pa bolodi yeniyeni safika pamenepo, chifukwa china chake chimagonja msanga n'kutsegula njira, komabe mavoliti mazana angapo amatheka. Tsono tiranzisita ya BC547 inapangidwa kuti ipirire 45 V yokha pakati pa kolekita ndi emita, 2N2222A 40 V, ndipo mosifeti IRFZ44N 55 V. Amene amagonja ndi iwowa. Galimoto ya petulo imapezera moto wa pa pulagi m'njira yomweyi ya kudula magetsi a koyilo, kungoti kumeneko n'zochita kufuna.

Chosokoneza n'chakuti tiranzisita simafa tsiku loyamba nthawi zonse. Imamenyedwa nthawi iliyonse rilei ikazima, imafooka, kenaka tsiku lina imangokhala yoyatsa mpaka kalekale. Pampu imapopa osaleka, thanki n'kusefukira, batire n'kuphwa usiku. Zizindikiro zina n'zakuti Arduino imayambiranso yokha rilei ikangoti tha, sikirini imalemba zosamveka, kapena swichi imathetheka n'kuda m'kati.

Nayi njira yolumikizira pamene tiranzisita ili kumunsi kwa koyilo:

```
+12 V ---+---------+
         |         |
        COIL    1N4007 (K)
         |      1N4007 (A)
         +---------+
         |
         C  BC547
  2k2 ---B
         E --- GND
```

Dayodi ili ndi kamzere kumapeto kumodzi, kotuwa pa 1N4007, kakuda pa 1N4148. Mbali ya kamzereyo ndiyo K, ndipo imapita ku pozitivi. Mbali yopanda mzere, A, imapita kumene koyilo yakumana ndi kolekita. Rilei ikakhala yoyaka, dayodi imakhala yotseka, sichita kanthu. Tiranzisita ikangozima, mwendo wamunsi wa koyilo umayamba kukwera, ndipo ukangopitirira 12 V ndi 0.7 V, dayodi imatseguka. Magetsi aja amatuluka mu koyilo, kudutsa mu dayodi, n'kubwereranso mu koyilo momwemo, kuzungulira chonchi mpaka mphamvu yonse itathera mu waya ngati kutentha pang'ono. Kolekita imangoona 12.7 V basi m'malo mwa mazana aja.

Mukaitembenuza dayodiyo, mwapanga shoti. Tiranzisita ikayatsa, magetsi a batire amalambalala koyilo n'kudutsa mu dayodi molunjika, ndipo BC547, imene malire ake ndi 100 mA, imapsa nthawi yomweyo. Dayodi nayo imatha kufa, ndipo kawirikawiri imafa molumikizika mbali zonse ziwiri. Mukasintha tiranzisita yokha osayesa dayodi, yatsopanoyo ipsanso musanachotse dzanja pa swichi. Ichi n'chifukwa chake fyuzi pa waya wa pozitivi, pafupi ndi batire, siyenera kusowa.

Posankha dayodi pali zinthu ziwiri zoyang'ana. Iyenera kupirira mavoliti a batire pamene yatseka, ndipo ndi bwino kusiya mpata wa kawiri kapena kuposa, popeza batire ya 12 V ikamatchajidwa imafika cha m'ma 14.4 V. Iyeneranso kunyamula magetsi ofanana ndi amene koyilo imakoka, chifukwa pa mphindi yozimitsa magetsi olowa mu dayodi amayambira pamlingo womwewo, sapitirira. Pa rilei ya 30 mA, kapena ya 5 V yokoka cha m'ma 70 mA, 1N4148 ikukwana. Pa rilei ya galimoto, imene imakoka cha m'ma 150 mA, ikani 1N4007: ndi ya 1 A, 1,000 V, ndipo imapezeka ngakhale m'matchaja ndi m'mawailesi akufa. Koma rilei yotere musaiyendetse ndi BC547, yachepa. Dziwaninso kuti marilei ena a galimoto amabwera ndi dayodi m'kati. Onani chithunzi chapambali pake, ndipo ngati ilimo, mwendo 86 upite ku pozitivi, 85 ku negativi.

Pa mota nkhani ndi yomweyi, koma magetsi ndi ochuluka. Mota ya maburashi ili ndi makoyilo m'kati, kaya ndi ya pampu, ya fani kapena yotembenuza mazira. Dayodi imalumikizidwa pa mawaya awiri a mota, kamzere ku pozitivi. Ngakhale mota ikuyatsidwa ndi rilei osati tiranzisita, iikeni ndithu, chifukwa imachepetsa kuthetheka kumene kumadya tilime ta rilei mpaka timatirirana. Choncho bolodi ya pampu imafuna madayodi awiri: ina pa koyilo, ina pa pampu. Poyeza kukula kwake musadalire magetsi amene mota imakoka ikamazungulira mopepuka. Pampu ikamadzuka, kapena ikatsamwa ndi mchenga wa m'chitsime cha kudambo, imakoka kangapo kuposa apo, ndipo ikhoza kuzimitsidwa pa nthawi yomweyo.

Ngati liwiro la mota mukulisintha ndi PWM, njira yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira, dayodi imagwira ntchito kambirimbiri pa sekondi iliyonse. `analogWrite()` pa Arduino Uno imadula magetsi pafupifupi ka 490 pa sekondi pa mapini ambiri, ndipo zipangizo zina zimafika ka 20,000. Apa 1N4007 imachedwa kutseka, ndiye iyo ndi mosifeti zimatentha. Gwiritsani ntchito dayodi yothamanga: 1N5819 pa mota yosapitirira 1 A, 1N5822 mpaka 3 A. Zonse ziwiri ndi za 40 V, zokwanira pa 12 V. Kapasita yaing'ono yolembedwa 104 imene mumaiona pa miyendo ya mota ndi yochepetsa phokoso la maburashi. Ndi yothandiza, koma silowa m'malo mwa dayodi.

Mota yozungulira mbali zonse ziwiri siilola dayodi imodzi, chifukwa mukatembenuza pozitivi ndi negativi dayodiyo imasanduka shoti. Pamafunika madayodi anayi: pa waya uliwonse wa mota, ina yopita ku pozitivi, ina yochokera ku negativi. Chipangizo choyendetsera mota cha L293D chili nawo m'kati. L298 ilibe, amaikidwa panja, ndipo mabolodi ofiira a L298N ogula kale amakhala nawo asanu ndi atatu a mota ziwiri. ULN2003, yoyendetsera marilei ndi makoyilo ena, nayo ili nawo, koma sagwira ntchito mpaka pini 9, yolembedwa COM, italumikizidwa ku pozitivi ya makoyilo. Pini imeneyi imaiwalika kawirikawiri, chipangizo n'kumapsa madayodi ali momwemo.

Malo a dayodi ndi pa miyendo ya koyilo penipeni, mawaya ake atadulidwa kukhala afupi, n'kuwotcherera bwino, osangopotokola. Pampu ikakhala patali ndi bolodi, mamita khumi kapena kuposa, waya wautaliwo nawonso umasunga maginito pang'ono, ndiye onjezerani dayodi ina pa bolodi pamene mawayawo akutulukira.

Dayodi ilinso ndi kuipa kwake. Popeza magetsi amapitiriza kuzungulira, maginito amachedwa kutha, ndipo rilei imachedwa kumasuka ndi mamilisekondi angapo. Pa pampu yaing'ono ya thanki palibe amene angazindikire. Koma pa rilei yodula magetsi ambiri, tilime tikamalekana mwaulesi timathetheka nthawi yaitali n'kutha msanga. Mankhwala ake ndi kulumikiza dayodi ya mtundu wa zena mondondozana ndi dayodi ija, moyang'anana msana, A ku A, kamzere ka zena kali ku kolekita. Ndi zena ya 18 V pa batire ya 14.4 V, kolekita imakwera mpaka cha m'ma 33 V, pansi pa 45 V ya BC547, ndipo mphamvu imatha msanga. Werengani masamuwa musanasankhe zena, musangotola imene ili m'bokosi.

Zonsezi n'za magetsi a batire ndi sola. Koyilo ya kontakita ya pachigayo, kapena ina iliyonse yoyendera 230 V ya ESCOM, musaiike dayodi. Magetsi amenewo amasintha mbali pa 50 Hz, choncho dayodi ikhala shoti pa theka la nthawi ndipo iphulika. Kumeneko timaika varisita, kapena rezisita ya 100 Ω yondondozana ndi kapasita ya 100 nF ya mtundu wa X2, ndipo ntchitoyo ichitike magetsi atazimitsidwa pa swichi yaikulu.

Poyesa dayodi, chotsani batire, masulani mwendo umodzi pa bolodi, ikani mita pa chizindikiro cha dayodi. Waya wofiira pa A, wakuda pa kamzere: 1N4007 yabwino iwonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 V, 1N5819 pakati pa 0.15 ndi 0.4 V. Mukatembenuza mawaya, mita ilembe `OL`. Ikaonetsa pafupi ndi 0 mbali zonse, yapsa molumikizika. Ikalemba `OL` mbali zonse, yaduka m'kati, ndipo imeneyi ndi yonyenga kwambiri chifukwa rilei imagwirabe ntchito pamene tiranzisita ilibe chitetezo. Mukayesa osamasula mwendo, mita iwerenga koyilo, osati dayodi. Ndipo musayembekezere kuona mavoliti okwera aja pa mita wamba: amabwera n'kutha mita isanawerenge, amaoneka pa osilosikopu pokha.