Phunziro lachiwiri: mavawelo ndi mmene kamwa limawaumbira

Anzanga a m'gulu la Lachinayi,

Werengani pepalali tisanakumane, ndipo muliwerenge mokweza muli ndi kagalasi m'manja. Sambaninso m'manja, chifukwa zala zikhala zikufika pamilomo. Sabata yatha tinagwira pakholingo n'kumva mmene liwu limanjenjemera likamatuluka. Lero tikutsatira liwulo likafika m'kamwa.

Tchulani mawu awa pang'onopang'ono: pita, peta, pata, pota, puta. Chimene chasintha ndi vawelo imodzi yokha, koma tanthauzo lasinthiratu kasanu konse. Mavawelo, amene kusukulu tinkawatcha malembo a liwu, amatuluka mpweya ukudutsa m'kamwa popanda chotchinga. Pa p milomo imatseka, pa t lilime limatseka, koma pa i, e, a, o ndi u njira ndi yotsegula. Kholingo limatulutsa liwu lofanana pa onse asanu. Chimene chimawasiyanitsa ndi kukula ndi maonekedwe a mpata umene liwulo likudutsamo. Mukamathira madzi m'botolo, phokoso limanka lisintha pamene mpata wa mpweya ukuchepa. M'kamwa zimachitika chimodzimodzi, kungoti chosintha mpatawo ndi lilime ndi milomo.

Choncho vawelo iliyonse, ya chinenero chilichonse, timaifunsa mafunso atatu. Lilime lakwera bwanji? Lapita kutsogolo kapena kumbuyo? Nanga milomo yabulungira kapena yatambasuka? Kafotokozedwe aka kanakhazikika ndi Alexander Melville Bell mu 1867, bambo ake a Bell uja wa telefoni. Kenako Daniel Jones wa ku London anakonza mavawelo 8 oyezera ena onse, ndipo anawajambula mawu mu 1917. Mayinawa musavutike kuwaloweza. Chimene ndikufuna n'chakuti mafunso atatuwo muziwayankha pomva zimene zikuchitika m'kamwa mwanu, osati pokumbukira tchati.

Kukwera kwa lilime

Apa ndi posavuta chifukwa nsagwada imatithandiza kuona. Ikani chala pansi pa chibwano, yang'anani pagalasi, ndipo nenani iii, eee, aaa osadula mpweya. Chala chikankhidwa kupita pansi kawiri. Bwererani: aaa, eee, iii. Tsopano chitani chimodzimodzi ndi uuu, ooo, aaa. Mwapeza masitepe atatu: i ndi u ndi mavawelo okwera, e ndi o ndi apakati, a ndi wotsika. N'chifukwa chake dokotala akafuna kuona kummero amati munene aaa. Pa vawelo imeneyi lilime lagona pansi ndipo silikumutchinga.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Tikamati lilime lakwera sitikunena nsonga yake. Nsonga imangokhala phee kuseri kwa mano apansi pa mavawelo ambiri. Chimene chimakwera ndi msana wa lilime, pamene latukumuka kwambiri.

Nsagwada si mwini nkhani. Lumani pensulo chopingasa mopepuka, kuti mano asasunthe, n'kunenanso i, e, a. Mawu amveka opanikizika, komabe mavawelo atatuwo asiyana, chifukwa lilime lagwira ntchitoyo lokha. Chitani kangapo basi, nsagwada ikayamba kuwawa lekani.

Mwina mukuganiza kuti magulu a kukwerawa ndi zopeka za akatswiri. Ayi, inu nomwe mumawatsatira tsiku lililonse. Timati phikira, gulira, sambira, koma lembera ndi gonera. Timati gulitsa koma onetsa. Tsinde la mneni likakhala ndi e kapena o, chowonjezera chimabwera ndi e. Likakhala ndi i, u kapena a, chimabwera ndi i. Palibe amene anakuphunzitsani kuti e ndi o ndi a gulu limodzi, koma simunanenepo kuti "lembira" kapena "gonira". Kamwa lanu linadziwa kale kuti awiriwa ali pa msinkhu umodzi.

Kutsogolo ndi kumbuyo

Funso lachiwirili ndi limene limavuta anthu ambiri, ndipo tikhalitsapo. Vuto n'lakuti galasi silithandiza kwenikweni. Mukanena u milomo imatseka pakhomo, ndiye zimene lilime likuchita m'katimo simuziona. Muyenera kuzimva.

Yambani chonchi. Konzani kamwa ngati mukufuna kunena iii, koma musatulutse liwu. M'malo mwake kokerani mpweya m'kati. Mumva kuzizira pamsana pa lilime chakutsogolo, ndi kumwamba kwa m'kamwa pamene pali polimba. Pamenepo ndi pamene mpata wachepa kwambiri. Tsopano konzani kamwa la uuu n'kukokanso mpweya. Kupatula kuzizira kwa pamilomo, mumva kwina chakumbuyo, kufupi ndi pamene kumwamba kwa m'kamwa kuli kofewa. Onse awiri ndi okwera, koma i wakwerera kutsogolo, u wakwerera kumbuyo.

Ngati simunamve kalikonse, tengani supuni yoyera. Gunditsani chogwirira chake pa lilime chakutsogolo, pang'ono chabe, osachilowetsa m'kati. Nenani iii, kenako uuu. Pa i lilime likankha supuni, pa u lithawa n'kuisiya yokha. Yesaninso ndi eee ndi ooo. Kuthawako kulipobe ngakhale kwachepa. Mukazolowera chotsani supuni, munene i-u-i-u monong'ona, maso ali chitsinzinire. Kunong'ona kumathandiza chifukwa khutu limasiya kumvetsera liwu, maganizo onse n'kupita pa kuyenda kwa lilime.

Ndiye i ndi e ndi akutsogolo, u ndi o ndi akumbuyo. Nanga a? Wathu ali chapakati. Pansi pamenepo malo ndi ochepa, koma alipo ndithu. Nenani aaa, kenako kokerani lilime kumbuyo ngati mukuyamba kuyasamula. Liwu lizama. Mwafika pa vawelo imene imalembedwa [ɑ], yomwe imamveka m'Chingerezi cha kummwera kwa England. Bwererani pa a wathu, mupitirire kutsogolo ngati mukulowera kwa e koma osafikako. Pamenepo pali [æ]. Ife tonse atatuwa timawamva ngati a mmodzi, pamene m'zinenero zina kuwasinthanitsa n'kusintha mawu.

Milomo

Iyi ndi yoonekeratu. Pagalasi, i amatambasula milomo ngati mukumwetulira, u amaisongola n'kusiya kabowo kakang'ono, o amaibulungiza koma bowo lake n'lokulirapo. Milomo ikasongoka njira ya mpweya imatalika ndipo potulukira pamachepa, n'chifukwa chake liwu limamveka lozama.

M'Chichewa, ngati mmene zilili m'zinenero zambiri za mavawelo asanu, kubulungira kwa milomo kumayendera limodzi ndi kubwerera kwa lilime. Akumbuyo onse, o ndi u, ndi obulungira. Akutsogolo onse ndi otambasuka. Chifukwa chozolowera zimenezi kuyambira tili ana, timaona ngati ndi chinthu chimodzi. Ndi zinthu ziwiri, ndipo ntchito yaikulu ya sabata ino ndi kuzilekanitsa.

Nenani iii motalikitsa. Lilime likhale pomwepo, lisasunthe ngakhale pang'ono. Tsopano songolani milomo pang'onopang'ono ngati mukufuna kuimba mluzu, koma m'mutu muzingoti ndikunena i. Liwu lachilendo limene lituluke ndi [y], vawelo ya tsiku ndi tsiku m'Chifalansa ndi m'Chijeremani. Ambiri a inu ulendo woyamba mutulutsa u, chifukwa milomo ikangosongoka lilime lithawira kumbuyo lokha. Zikatero kanikizani nsonga ya lilime kuseri kwa mano apansi n'kuyambiranso. Zikatheka, chitani zomwezo kuyambira pa eee. Mupeza vawelo ina yakutsogolo yobulungira, ya mtundu wa [ø].

Kenako tembenuzani. Nenani uuu, lilime likhale kumbuyo komweko, mutambasule milomo ngati mukumwetulira. Mukalephera, gwirani m'mbali mwa milomo ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono. Chotuluka ndi [ɯ], ndipo vawelo yofanana nayo ilipo m'Chikoreya. Musadabwe mukayamba kuseka. Aliyense amaoneka wodabwitsa pochita zimenezi, ndipo Lachinayi tidzasekana tonse.

Kuwerenga tchati

Tchati cha mavawelo cha bungwe la akatswiri a katchulidwe, limene linayamba ku Paris mu 1886, chili ndi mbali zinayi, chotambalala kumwamba n'chopanikizika kumunsi. Chioneni ngati kamwa la munthu amene wayang'ana kumanzere. Kumanzere ndi kutsogolo, kumanja ndi kumbuyo, kumwamba ndi kokwera. Masitepe ake ndi anayi osati atatu, chifukwa apakati anagawidwa pawiri: [e] ndi [o] ali chakumwamba, [ɛ] ndi [ɔ] ali chakumunsi. Mukaona zizindikiro ziwiri zayandikana pamalo amodzi, chakumanja ndicho chobulungira milomo.

Pakatikati pa tchati pali [ə]. Kuti muipeze, lekererani zonse, lilime, milomo ndi nsagwada, kamwa litseguke pang'ono, n'kutulutsa liwu lalifupi. Imamveka kwambiri m'Chingerezi, m'maphatikizo amene sanenedwa motsindika. Ife imativuta chifukwa tinazolowera kupatsa vawelo iliyonse mphamvu yake yonse.

Tchatichi musachitenge ngati chithunzi chenicheni cha lilime. Akatswiri atayamba kuunika m'kamwa ndi makina a X-ray anapeza kuti lilime silikhala ndendende pamene tchati chikusonyeza, ndipo tchaticho chimagwirizana kwambiri ndi zimene khutu limamva. Komabe kwa wophunzira n'chothandiza kwambiri. Mukauzidwa kuti vawelo ya mawu a Chingerezi otanthauza sitima yapamadzi, [ʃɪp], ndi yotsikirapo ndiponso yolowera pakati poyerekeza ndi ya mawu otanthauza nkhosa, [ʃiːp], mukudziwa chochita: yambirani pa i, tsitsani lilime pang'ono osafika pa e, n'kulimasula. Kungouzidwa kuti "mvetserani bwino" sikukufikitsani pamenepo.

Zochita tisanakumane

Tsiku lililonse patulani mphindi zisanu. Yambani ndi i-e-a-o-u mokweza, kenako monong'ona, kenako mwakachetechete kamwa lokha likuyenda. Nthawi yotsalayo ithereni pa [y] ndi [ɯ]. Dzijambuleni mawu pafoni tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, tidzamvetsera limodzi.

Lembaninso papepala mavawelo asanu a Chichewa, iliyonse ndi mayankho ake atatu. Ndakuyambirani umodzi: u ndi wokwera, wakumbuyo, wobulungira. Pomaliza pezani aneni khumi, asanu otenga -ira ndi asanu otenga -era, kupatula amene ndatchula pamwambapa, ndipo mulembe mzere kunsi kwa vawelo imene yachititsa. Lachinayi mudzakhala awiriawiri, wina akupanga vawelo popanda liwu, mnzake akutchula kuti ndi iti pongoyang'ana. Bwerani ndi kagalasi kanu ndi supuni yanuyanu.