Kalata kwa Amayi ku Lizulu

Cape Town
14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Nanga bondo lija lasiya? Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Ndalama ya feteleza ndidzatumiza Lachisanu kudzera ku Mukuru, koma ulendo uno idzalowa mu foni mwanu momwemo, ku Airtel Money. Simudzakweranso minibasi kupita ku Ntcheu boma kukaima pamzere ndi bondo lowawa. Ndi K180,000.

Lachinayi madzulo, musanagone, muyimbe *211# pafoniyo ngati mukuyimbira munthu. Pabwera mndandanda. Mufufuze pamene pali mawu akuti Balance. Chikondi akhale pambali kuti akuwerengereni Chingelezicho, koma ikafunsa nambala yachinsinsi, atembenuke. Manambala anayi aja mulembe nokha. Ndalama imene ikuonetseni muilembe kuchikuto kwa buku lanu la nyimbo.

Lachisanu ndikatumiza mudzalandira meseji yonena kuti ndalama yalowa. Musasangalale msanga, Amayi. Meseji aliyense atha kuilemba. Muyimbenso *211#, muonenso balansi. Ngati paja munalemba K2,000, tsopano pazioneka K182,000. Mukaona choncho ndiye kuti yafikadi, mundiflashe ndikuyimbireni. Ikapanda kusintha musadandaule, nthawi zina netiweki imachedwa. Ine ndimakhala ndi nambala ya risiti, ndidzalondola kuno konkuno.

Pokatapa mupite kwa ejenti amene mumamudziwa, osati ongobwera tsiku la msika, ndipo mutenge chiphaso chanu chaunzika. Foni isachoke m'manja mwanu. Iye akuuzani nambala yake ya ejenti, inu mulemba ndalama imene mukufuna ndi nambala yachinsinsi ija. Amadulako pang'ono potapa, choncho musadabwe, ndaonjezera kale ya zimenezo. Muwerenge ndalamazo pomwepo musanamange pachitenje. Sikuti mutape zonse tsiku limodzi ayi. Yotsala mu foni siwola, ndipo ana sangaipeze ngati ya pansi pa mphasa.

Tsono chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Kudzabwera foni kapena meseji yakuti "ndatumiza ndalama molakwitsa, mundibwezere," kapena "ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Ena adzati ndi a kukampani, ena adzanamizira kuti ndi anzanga a kuno. Ndikudziwa mtima wanu, simufuna kudya cha mwini. Koma dulani foniyo, muone balansi kaye, kenako mundifunse. Mnzanga wa ku Dedza amene ndimagona naye nyumba imodzi, amayi ake anabweza K50,000 imene sinalowe n'komwe. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale amalume, ngakhale ine ndemwe.

Mupereke moni kwa agogo ndi amayi a ku Mvano. Mbatata zikakhwima mundisungireko, ndikuyembekeza kubwera pa Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Tadala