Achimwene, mundigulireko jombo ya kuntchito, saizi 8

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tonse tili bwino. Amayi chifuwa chija chinatha, dzulo anapita okha kudimba.

Ntchito yowotcherera ija andilemba, ndiyamba pa 2 Marichi ku Makata. Koma akapitawo anenetsa kuti wopanda jombo ya chitsulo kutsogolo asaponde pakhomo. Ndinagula ya kaunjika, yangotha sabata ziwiri soli n'kumatuka. Ndiye chonde mundigulireko komweko Bova Neoflex yakuda, yazingwe, yolekeza m'kakolo, ngati ija munavala mutabwera ku chinkhoswe. Yofiirira ayi, komanso yongopisa phazi yopanda zingwe ayi.

Nkhani yagona pa saizi, achimwene, chifukwa ikalakwika kuibweza ku Joni sikungatheke. Ndimavala 8, ya mawerengedwe a UK omwe amatsatanso ku South Africa. Musangokhulupirira katoni, musuzumire pa kalilime m'katimo, palembedwe UK 8 kapena EU 42. Mukaona US 8 isiyeni, imeneyo ndi yaing'ono, chifukwa ya ku America yofanana ndi yanga ndi US 9.

Ndinayeza dzulo madzulo nditavala sokosi zokhuthala zomwe ndizikagwirira ntchito. Ndinaponda papepala, mlamu wanu n'kuzunguliza pensulo. Kuchokera ku chidendene kufika ku chala chachikulu, phazi lamanja ndi masentimita 26, lamanzere 26.4. M'lifupi, pomwe zala zayambira, onse awiri ndi 10.5. Mapazi athu ophwatalala aja, mukuwadziwa. Ngati kansalu kopondapo ka m'kati kakuchotseka, mukayeze, kasachepere masentimita 27.5. Nsapato wamba imatamuka ukamaivala, koma chitsulo sichitamuka, chikakufinya tsiku loyamba chidzakufinyabe mpaka jomboyo kutha. N'chifukwa chake 8 ikasowa mutenge 9, ndizipisamo sokosi ziwiri. Koma 7 musayerekeze. Inu mumavala 7, ndiye mukaiyesa ikukhwepeni pang'ono, chala chimodzi chizilowa kuseri kwa chidendene.

Musanalipire mundijambulire nsapatoyo ndi kalilimeko, munditumizire pa WhatsApp.

Za ndalama musade nkhawa. Ndasunga kale, mungondiuza kuti yakwana marandi angati pamodzi ndi ya wonyamula, ine ndiwapatsa amayi makwacha ake m'malo mwa yomwe mumawatumizira mwezi ndi mwezi. Ikapitirira R1,000 muyambe mwandiimbira.

Potumiza mupatsire transipota yemwe anabweretsa mabulangete uja. Katoniyo itayeni, imangodya malo. Muikulunge mu jumbo, mumate ndi tepi, mulembepo dzina langa, lisiti muliike m'kati mwa nsapato kuti akafunsa pa chipata cha Mwanza asavutike. Basi ikanyamuka mundiuze, ndikaidikira ku Wenela. Itafika pasanakwane pa 25 Febuluwale zingandithandize, ndiivaleko masiku angapo pakhomo pano izolowere phazi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Zikomo kwambiri, achimwene.

Ine mng'ono wanu