Kakonzedwe ka kontirola pa Euro Truck Simulator 2

Mphwanga, gemu ndakusiyira pa laputopu, kontirola ya Xbox ili m'thumba lake. Uyilumikize kaye ndi chingwe usanatsegule gemu, chifukwa ukachita mosinthanitsa nthawi zina gemu siyiyiona.

Lowa mu `Options`, kenako `Controls`, ndipo pamwambapo sankha mzere wa kiyibodi pamodzi ndi kontirola. Kiyibodi usayichotse, mabatani a kontirola ndi ochepa pa zonse zomwe thiraki imafuna. Kamtengo ka kumanzere kakhale chiwongolero, `RT` ikhale faya, `LT` buleki. Thiraki ikamakhotera yokha iwe usanakhudze kalikonse, kweza `Steering deadzone` pang'ono pokha. `Steering sensitivity` uyitsitse ndithu. Kamtengo kaja kamayenda mtunda wochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwongolero chenicheni, ndiye ukakankha pang'ono ngolo imagwedezeka msewu wonse.

Pa magiya m'pamene anthu amasokonezeka. `Simple Automatic` imakuchitira zonse: thiraki ikaima, ukapitiriza kugwira buleki imayamba kubwerera m'mbuyo. Ine sindiyikonda, chifukwa pa maloboti ukhoza kugunda galimoto ya kumbuyo osadziwa. Yamba ndi `Real Automatic`. Magiya imasintha yokha, koma kupita kutsogolo kapena m'mbuyo umasankha wekha. Dzanja likazolowera pita ku `Sequential`, komwe giya iliyonse umalowetsa wekha popanda kilatchi. Mathiraki ambiri ali ndi magiya 12, ndipo suyenera kuwerenga onse. Ngolo ikakhala yopanda katundu nyamukira pa 3 kapena 4, uzidumpha. `H-Shifter` isiye, imafuna chiwongolero chokhala ndi ndodo yake ya magiya.

Mu `Keys & Buttons` ika `Shift up` pa `A`, `Shift down` pa `X`. Maindiketa pa kiyibodi ali pa `[` ndi `]`, koma ndani angasiye kontirola pa laundabauti n'kumafufuza timabatani timeneto? Aike pa `LB` ndi `RB`, kumanzere ndi kumanja. Injini uziyatsa ndi `E`, hendibuleki ndi `Space`, nyali ndi `L`, ngolo uzikola ndi `T`.

Magalasi: `F2` imabweretsa magalasi a m'mbali pa sikirini, ndipo `F4` ndi yokonzera mpando ndi magalasi a thirakiyo. Akonze uli poima, mpaka uziona mbali ya ngolo ndi matayala ake akumbuyo. Laputopuyi ndi yofooka, ikayamba kudukiza tsitsa `Mirror quality` mu `Graphics`.

Uyambire ku Britain, monga ku London kapena Manchester, komwe amayenda kumanzere ngati kwathu kuno. Ukawoloka pa Dover kupita ku Calais uzikumbukira kusamukira kumanja. Pulofayilo yanga usayikhudze, tsegula yako. Scania ija sindinamalize kubweza ngongole yake kubanki.