Ndondomeko ya chakudya ndi majowajowa ya alamu anga a shifiti ya usiku

Alamu, nayi ndondomeko ija munapempha. Ndaikonza potengera kuti ku Kanengo mumalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, Lolemba mpaka Lachinayi, ndipo kwanu ku Area 25 mumafika cha m'ma 7. Mng'ono wangayo awerengenso, chifukwa popanda iye mapoto sayenda ndipo ana sakhala chete.

Chachikulu n'chimodzi: nsima yeniyeni muzidya musanapite ku ntchito, osati 2 koloko usiku ngati mmene mukuchitiramu. Thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo siidziwa za shifiti. Usiku m'mimba mumagaya pang'onopang'ono, komanso thupi silichotsa shuga m'magazi msanga ngati masana. N'chifukwa chake mitanda itatu ya pakati pa usiku ikukubweretserani chilungulira, tulo tofa nato pamakina, ndi kamimba kaja mukubisa m'malayaka.

Tsiku la ntchito

7 koloko m'mawa, mukafika: idyani zopepuka, kuti njala isakudzutseni 10 koloko. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika imodzi ndi kapu ya chambiko. Tiyi wamasamba ayi, khofi ayi. Mowa woti "ubweretse tulo" nawonso ayi. Umagonetsa msanga koma tulo take n'todukizadukiza.

Hafu pasiti 7 mpaka hafu pasiti 2 masana: kugona. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo wa usiku sapatsidwa chifundo pa zimenezi. Kuwala kukalowa m'maso thupi limaganiza kuti kwacha, choncho pawindo pachikeni bulangete lakuda pamwamba pa katani, pansi pa chitseko mutsekepo ndi chitenje. Foni ikhale pabalaza. Mwezi wa Okutobala malata akayamba kuwotcha cha m'ma 11, sambani madzi ozizirira musanagone, ndipo ngati kuchipinda kwakanika yalani mphasa pasimenti m'chipinda chomwe dzuwa silimenya. Mukadzuka 12 koloko tulo n'kubalalika, musalimbane nato. Dzukani, mudzagonenso ola limodzi kuyambira 2 koloko.

Mukadzuka: makapu awiri a madzi, nthochi imodzi, kenako tulukani panja dzuwa likuoneni. Uwu ndiye m'mawa wanu.

3 koloko: masewero olimbitsa thupi, mphindi 30. Zochita zake zili m'munsimu.

Hafu pasiti 4: chakudya chachikulu. Nsima ya mgaiwa mitanda iwiri, koma theka la mbale likhale masamba, kaya mpiru, chisoso, bonongwe kapena mkhwani wotendera. Ndiwo zina muzisinthasintha: Lolemba nyemba, Lachiwiri usipa, Lachitatu mazira awiri, Lachinayi nyama ya soya kapena nkhuku ngati mthumba mwavomera. Kenako chipatso cha nyengo yake. Mukatero magulu 6 a zakudya aja amaphunzitsa ku sikelo ya ana mwawakwanitsa pafupifupi onse pambale imodzi. Mchere woonjezera patebulo muusiye. Tsiku lonse munthu asapyole magalamu 5, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo usipa wouma umabwera nawo kale wake.

9 koloko usiku: tiyi kapena khofi, ngati mukumufuna. Kapu yachiwiri isapitirire 12 koloko. Mphamvu yothamangitsa tulo ya mu khofi imatenga pafupifupi maola 5 kuti itsike ndi theka lokha, ndiye kapu ya 4 koloko m'bandakucha imakhala ikadali m'magazi inu mukugudubuzika pabedi. Zakumwa za m'zitini zija anyamata amati zopatsa mphamvu ndi khofi yemweyo kuphatikiza shuga wambiri. Ndalama yakeyo mugulire mazira.

11 kapena 12 koloko: chakudya chapakati, chochepa. Futali wa mbatata, kapena mpunga pang'ono ndi nyemba, kapena buledi wabulawuni ndi dzira lowiritsa. Chiphikidwe madzulo omwewo ndipo chilowe m'fudiwoma chikadali chotentha kwambiri. Ndiwo zotsala za masana zokhala m'kontena yapulasitiki mpaka pakati pa usiku, kotentha kuno, mudzathera kuchimbudzi shifiti yonse.

Kuyambira 1 mpaka 5 koloko: apa ndi pomwe pali nkhondo. Cha m'ma 3 ndi 4 thupi limazizira, maso amalemera, ndipo mtima umalakalaka mandasi ndi zotsekemera. Nthawi zambiri siikhala njala, ndi tulo tabwera mwa njira ina. Imwani madzi, imirirani, yendani mphindi 5 pamalo owala. Ngati m'mimba mukulira ndithu, mtedza wokazinga wodzadza dzanja limodzi ndi nthochi zakwana. Akakupatsani buleki ndipo malamulo a pantchito akulola, tsinzinani mphindi 20 mutatchera alamu ya pafoni, osapitirira, kuopa kudzuka mutu uli zii. Madzi a botolo la malita 2 muwamwe kwambiri kumayambiriro kwa shifiti, pofika 4 koloko muchepetse kuti chikhodzodzo chisakudzutseni masana.

Poweruka, tchipisi cha pachiwaya cha pa siteji muchidutse ngati simukuchidziwa. Ndikudziwa fungo lake, alamu, koma phala likukudikirani kunyumba.

Masewero

Simukufunika jimu. Pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango paja pakwana.

Lolemba ndi Lachitatu ndi za mphamvu. Yambani ndi mphindi 5 zoyenda mwandawala ndi kuzunguza mapewa. Kenako kunjuta n'kudzuka ka 12, mapushapu 8 mpaka 10 (akakanika gwadani), kukoka chigubu cha madzi cha malita 5 kufika m'chiuno mutawerama ka 12 dzanja lililonse, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde ka 10 mwendo uliwonse, ndi kugona chafufumimba mutadzikweza pa zigongono ndi zala za kumapazi, msana uli wowongoka, masekondi 30. Pumani mphindi imodzi, bwerezani zonsezo katatu. Zikayamba kuphweka, onjezani maulendo awiri pa chilichonse, kapena tengani chigubu chokulirapo.

Lachiwiri yendani mofulumira mphindi 30, liwiro loti mutha kuyankhula koma osaimba. Lachinayi thupi limakhala litatopa ndi mausiku atatu, ndiye kungodziwongola mphindi 10 basi.

Tsiku lomwe mwagona maola osakwana 5, zonyamula zisiyeni, mubwerere pamphasa. Ndipo musachite masewero olemetsa m'mawa poweruka. Ambiri amatero poti "ndimalize zonse kamodzi", koma mtima ukathamanga ndi thupi kutentha, tulo timachedwa.

Masiku opuma

Lachisanu mukafika gonani mpaka cha m'ma 12 basi, kuti usiku mugone limodzi ndi anzanu. Chakudya chibwerere nthawi za aliyense. Loweruka m'mawa thamangani pang'ono kapena palasani njinga mphindi 45, apo ayi kamenyeni mpira ndi madala anzanu. Lamulungu yendani mphindi 30, ngakhale ulendo wa kutchalitchi ngati mukuponda mwamphamvu. Mukaphatikiza zonse mukhala mutapitirira pang'ono mphindi 150 pa sabata zomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa, komanso masiku awiri olimbitsa minofu. Lamulungu usiku chedwaniko kugona, Lolemba mudzuke mochedwa, masana mugonenso ola limodzi kapena awiri musanayambe.

Musanayambe zonsezi, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, popeza bambo anu ankadwala BP. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo pochita masewero, lekani pomwepo mukaonane ndi adokotala. Yezani chiuno ndi tepi ya telala, podutsa pa mchombo, Loweruka lino m'mawa musanadye, mulembe nambalayo kuseri kwa kalendala. Tidzayezanso pakatha masabata 4 ndikadzabwera kudzaona ana.